Akakudulani malipiro molakwika: kalata yopita kwa okonza malipiro ndi masamu ake

Malipiro akalowa operewera, ambiri amathamangira ku ofesi ya akauntanti foni ili m'manja, kukaonetsa uthenga wa ku banki. Yankho limene amalandira ndi lodziwika kale: "Tiona." Sikuti munthu wa mu ofesimo ndi wouma mtima ayi. Vuto ndi loti uthenga wa ku banki umangonena ndalama zimene zalowa, sunena zimene zimayenera kulowa. Iye ali ndi maina ambirimbiri pa kompyuta yake, ndipo dandaulo loti "zandichepera" limamupatsa ntchito yoyamba kufufuza yekha kuti cholakwika chili pati. Ntchito yotereyi imadikira mpaka apeze mpata, ndipo mpatawo kumapeto kwa mwezi supezeka.

Kalata yabwino imamuchitira kale ntchito imeneyo. Imatchula mzere umodzi wa pa peyisilipi, imaonetsa masamu oti iye angathe kuwatsatira ndi kakyuleta m'mphindi zochepa, ndipo imanena ndalama yeniyeni imene ikuyenera kubwezedwa. Kulemba kalatayo sikuvuta. Chimene chimafuna kudekha ndi masamuwo, chifukwa mukalakwitsa nambala imodzi, nkhani imasiya kukhala ya ndalama zanu n'kusanduka ya kulakwitsa kwanu.

Poyambira pake ndi peyisilipi. Lamulo la zantchito la m'chaka cha 2000 limalamula olemba ntchito kupereka kwa wantchito aliyense chikalata choonetsa malipiro onse, ndalama zimene zadulidwa ndi chifukwa chake, komanso zotsala. Ngati kwanu sapereka, pemphani chimenecho choyamba, popeza popanda pepalali simungadziwe kuti mukutsutsa chiyani. Pa pepalapo zodulidwa zimakhala za mitundu iwiri. Zina ndi zolamulidwa ndi malamulo a dziko kapena ndi khothi, monga msonkho wa PAYE umene umapita ku MRA ndi gawo lanu la penshoni. Zina ndi zimene munavomereza nokha posaina, monga ngongole, adivansi, masheya a ku SACCO, sikimu ya chipatala kapena ndalama ya bungwe la apantchito. Lamulo limalolanso bwana kusalipira masiku amene munajomba popanda chilolezo ndi chifukwa chomveka, koma silimulola kukulipitsani chindapusa ngati chilango. Choncho funso loyenera kufunsa pa mzere uliwonse ndi lakuti: iyi ikudulidwa chifukwa cha lamulo liti, kapena chifukwa cha pepala liti limene ndinasaina?

Tiyerekeze za mayi wina wogwira ntchito yosunga katundu pa kampani ina m'chaka cha 2024. Malipiro ake enieni ndi K520,000 pamwezi, ndipo amalandiranso alawansi ya nyumba ya K130,000, zonse pamodzi K650,000. Mwezi uliwonse amamudula msonkho, penshoni, ndi K20,000 ya masheya a ku SACCO. Mu Meyi anatenga adivansi ya K180,000 yolipirira ana fizi, ndipo anasainirana kuti azibweza K60,000 pamwezi, wopanda chiwongoladzanja, kwa miyezi itatu: Juni, Julayi ndi Ogasiti. Mu Sepitembala ngongole inali itatha, komanso anagwira ovataimu ya K40,000. M'mutu mwake anawerengera motere: mwezi wabwinobwino ndimalandira K471,500, kuwonjezapo K40,000 ya ovataimu, ndiye kuti kubwera K511,500. Ku banki kunalowa K439,500. Iye anaona kuti amubera K72,000.

Akanalemba kalata tsiku lomwelo n'kutchula K72,000, akanaluza poyambira pomwe. Tiona chifukwa chake.

Chinthu choyamba kuchita, ndipo ambiri amachilumpha, si kuwerengera mwezi wolakwikawo ayi. Tengani peyisilipi ya mwezi umene simukudandaula nawo, muyese kuwerengera nokha mpaka mufike pa nambala yomweyo imene ili pansi pa pepalalo. Mukaifika, ndiye kuti mwagwira njira imene kampani yanu imawerengera, ndipo palibe angakuuzeni kuti simukudziwa masamu a malipiro. Mukalephera kuifika, ndiye kuti pali china chimene simunachimvetse, kapena cholakwikacho chinayamba kale kuposa mmene mukuganizira. Kwa mayi uja mwezi woyesera ndi Meyi.

Msonkho wa PAYE suwerengedwa ndi peresenti imodzi pa ndalama zonse. Malipiro amadulidwa m'magawo, gawo lililonse ndi mlingo wake. Kuyambira mu Epulo 2024, K150,000 yoyambirira sinkadulidwa msonkho, K350,000 yotsatira inkadulidwa 25 peresenti, K2,050,000 yotsatira 30 peresenti, ndipo zopitirira K2,550,000 zinkadulidwa 35 peresenti. Magawowa amasintha boma likasintha malamulo a msonkho kudzera mu bajeti, choncho pa kalata yanu mugwiritse ntchito magawo amene ankagwira ntchito m'mwezi umene mukudandaula nawo, monga MRA inawalengezera. Njira yowerengera yokha ndiyo sisintha.

Pa K650,000 ya mayiyu, K150,000 yoyamba imadutsa yopanda msonkho. K350,000 yotsatira, imene ikumufikitsa pa K500,000, imadulidwa 25 peresenti, ndiyo K87,500. Yotsala ndi K150,000, imene ikugwera m'gawo la 30 peresenti, ndiyo K45,000. Msonkho wonse ndi K132,500. Onani kuti alawansi ya nyumba yalowa nawo m'masamu a msonkho. Ndalama iliyonse imene mumalandira ngati gawo la malipiro, kaya itchedwe alawansi, bonasi kapena ovataimu, msonkho umaikhudza.

Penshoni ili ndi masamu akeake. Lamulo la penshoni limati wantchito azipereka ndalama zosachepera 5 peresenti, olemba ntchito zosachepera 10 peresenti. Gawo la bwanalo siliyenera kuchoka m'thumba mwanu, ngakhale kuti mapeyisilipi ena amalionetsa pambali kuti mungodziwa. Chimodzimodzinso levi ya TEVET, imene amalipira ndi olemba ntchito: mukaiona pa zodulidwa zanu, funsani. Pa kontirakiti ya mayiyu, penshoni imawerengedwa pa malipiro enieni aja a K520,000, osaphatikiza alawansi, ndiye 5 peresenti yake ndi K26,000. Tsopano chotsani pa K650,000 msonkho wa K132,500, penshoni ya K26,000 ndi K20,000 ya SACCO. Yotsala ndi K471,500, ndendende ndi imene ili pa peyisilipi ya Meyi. Njira yagwira.

Tikafika pa Sepitembala ndi njira yomweyo, K72,000 ija imayamba kusweka. Ovataimu ya K40,000 yakweza malipiro onse kufika pa K690,000. Popeza mayiyu anadutsa kale K500,000, kwacha iliyonse yowonjezera ikugwera m'gawo la 30 peresenti. Pa K40,000 msonkho ukutenga K12,000, iye n'kutsala ndi K28,000. Msonkho wa mweziwo ndi K144,500 osati K132,500, ndipo pamenepa ofesi sinalakwe chilichonse. Zimawawa ndithu kugwira ntchito mpaka usiku ndi Loweruka lomwe kenako n'kuona kuti pafupifupi gawo limodzi mwa atatu lapita, koma mlandu umenewo si wa okonza malipiro. Ndalama imene amayenera kulandira ndi K499,500. Imene analandira ndi K439,500. Kusiyana kwake ndi K60,000.

Nambala imeneyi ikulankhula yokha. K60,000 ndi ndalama yomwe ija ankabweza pamwezi pa adivansi, ndipo pa peyisilipi ya Sepitembala mzere wolembedwa kuti Salary Advance udakalipo. Umu ndi mmene mumadziwira kuti masamu anu afika pamapeto: kusiyana kumene mwapeza kumafanana ndendende ndi mzere umodzi wa pa pepala, kapena ndi mizere iwiri mukaiphatikiza. Kusiyanako kukapanda kufanana ndi chilichonse, musafulumire kulemba. Mwina pali zolakwika ziwiri zobisalirana, mwina masiku a ovataimu amene munawerengera ena agwera m'mwezi wotsatira chifukwa malipiro anatsekedwa musanawagwire.

Pali chinthu chinanso choti mayiyu atsimikize asanalembe, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amachitira manyazi. Ayale mapeyisilipi a Juni, Julayi ndi Ogasiti pa tebulo, aone ndi maso ake kuti K60,000 inadulidwadi mwezi uliwonse, ndipo kuti ku banki kunkalowa K411,500. Zimachitika kuti fomu ya adivansi inafika mochedwa ku ofesi ya malipiro, ndiye kudula kunayamba mu Julayi m'malo mwa Juni. Zikakhala choncho, kudula kwa Sepitembala n'kolondola, ndi gawo lachitatu la ngongole. Aonenso pa fomu imene anasaina ngati panalembedwa za chiwongoladzanja. Kwa mayi wathuyu mapepala onse atatu akuonetsa K60,000, kutanthauza kuti K180,000 inakwana mu Ogasiti.

Nanga cholakwika choterechi chimabwera bwanji? Kawirikawiri si kuba. M'mapulogalamu a malipiro, ngongole imalowetsedwa ngati chodulidwa chobwerezabwereza. Woilowetsa amayenera kulemba ndalama yonse ya ngongole kapena mwezi womaliza, kuti kudula kuime kokha. Akangolemba K60,000 pamwezi osaika malire, kompyuta imadulabe mpaka munthu wina adzaiimitse. Kumene amagwiritsa ntchito Excel, amakopera mzere wa mwezi watha n'kuiwala kufufuta. Kudziwa zimenezi kumathandiza pa zinthu ziwiri. Kumakuthandizani kulemba mopanda ukali, komanso kumakukumbutsani kupempha kuti kudulako kuimitsidwe, osangoti ndalama zibwezedwe. Akabweza za Sepitembala koma osakonza mu kompyuta, mu Okutobala adzakudulaninso.

Kalata yake ingakhale yotere. Pamwamba pakhale deti, dzina, nambala ya ntchito ndi dipatimenti, chifukwa ku ofesi ya malipiro amakupezani ndi nambala, osati ndi nkhope.

Kwa Okonza Malipiro,

Bwana,

KUDULIDWA KWA K60,000 YA ADIVANSI PA MALIPIRO A SEPITEMBALA 2024

Ndikulemba kupempha kuti muonenso malipiro anga a mwezi wa Sepitembala 2024. Pa peyisilipi ya mweziwu pali mzere wa Salary Advance umene wadula K60,000, koma malinga ndi mapepala amene ndili nawo, ngongole imeneyi inatha mu Ogasiti.

Mu Meyi 2024 ndinalandira adivansi ya K180,000, ndipo pa fomu imene ndinasaina tinagwirizana kuti ndibweze K60,000 pamwezi kwa miyezi itatu. Ndalamayi inadulidwa mu Juni, Julayi ndi Ogasiti, zonse pamodzi K180,000.

Malipiro a Sepitembala ndawawerengera motere:

```
Malipiro enieni               520,000
Alawansi ya nyumba            130,000
Ovataimu                       40,000
Zonse pamodzi                 690,000

PAYE: 150,000 x 0%                  0
      350,000 x 25%            87,500
      190,000 x 30%            57,000
Penshoni: 520,000 x 5%         26,000
SACCO                          20,000
Zodulidwa zonse               190,500

Zoyenera kulandira            499,500
Zimene ndalandira             439,500
Kusiyana                       60,000
```

Msonkho, penshoni ndi SACCO zikugwirizana ndi zimene zili pa peyisilipi, ndipo sindikudandaula nazo. Kusiyana konse kukuchokera pa mzere wa adivansi.

Ndikupempha kuti kudula kumeneku kuimitsidwe malipiro a Okutobala asanatsekedwe, ndiponso kuti K60,000 ibwezedwe yonse, isadulidwenso msonkho popeza msonkho wake unalipidwa kale mu Sepitembala. Ngati pali ngongole ina imene mabuku anu akuonetsa, chonde ndipatseni sitetimenti yake kuti tiyerekeze ndi mapepala anga.

Ndaphatikiza makope a fomu ya adivansi ndi mapeyisilipi a Juni, Julayi, Ogasiti ndi Sepitembala. Ndithokoza kulandira yankho lolembedwa pofika pa 11 Okutobala.

Ine wanu,

ndipo pansi pake siginecha, dzina ndi nambala ya ntchito.

Kalata yonse ikukwana pa tsamba limodzi, ndipo iyenera kutero. Mulibe mbiri ya mavuto a kunyumba, ngakhale kuti mavutowo ndi enieni ndipo K60,000 ndi lendi ya munthu. Mulibenso mawu oloza chala. Woilandira akhoza kukhala yemwe uja analakwitsa, ndipo munthu amakonza msanga cholakwa chimene sanachititsidwe nacho manyazi. Ngati ku ofesi kwanu makalata amalembedwa m'Chingerezi, kapena mumatumiza pa imelo, dongosolo lake ndi lomweli.

Ziganizo ziwiri m'kalatayi ndikufuna tiziyang'ane bwino. Choyamba ndi chija chonena kuti msonkho, penshoni ndi SACCO zili bwino. Chimaoneka ngati chosafunika, koma chimamuuza wowerengayo kuti asataye nthawi pa mizere ina, komanso chimaonetsa kuti wolembayo wavomereza K12,000 ya msonkho wa ovataimu ngakhale kuti sinamukondweretse. Munthu amene wavomereza zomutsutsa amakhulupirika pa zimene akutsutsa.

Chachiwiri ndi chija cha msonkho pa ndalama yobwezedwa, ndipo apa ndi pamene anthu amaluza ndalama kachiwiri osazindikira. Pali njira ziwiri zobwezera K60,000 kudzera pa malipiro. Njira yolondola ndi kuibweza kumbali ya zodulidwa, kapena kuilipira payokha ku banki, kuti isakhudze msonkho. Zikatero, malipiro a Okutobala, mwezi wopanda ovataimu, adzakhala K471,500 kuwonjeza K60,000, ndiyo K531,500. Njira yolakwika, imene ili yosavuta kwa munthu wofulumira, ndi kuiika pamwamba ngati ndalama yowonjezera pa malipiro, pamodzi ndi maalawansi. Pamenepo kompyuta imaona K710,000, n'kudula msonkho wa K150,500, ndipo ku banki kumalowa K513,500. Mayiyu adzaona kuti malipiro akwera n'kukhutira, osadziwa kuti pa K60,000 yake wangolandira K42,000. K18,000 yapita ngati msonkho pa ndalama imene inadulidwa kale msonkho mu Sepitembala. N'chifukwa chake ndi bwino kuwerengeratu nambala ya mwezi wotsatira n'kuisunga, kuti peyisilipi ikafika mungoyerekeza.

Nthawi yolembera ili ndi kulemera kwake. Ofesi iliyonse ili ndi tsiku lotsekera malipiro, nthawi zambiri chapakati pa mwezi, ndipo chimene chafika tsikulo litadutsa chimadikira mwezi wina. Funsani tsikulo, ndipo deti limene mukupempha yankho likhale lisanafike. Komanso zimatengera kumene ndalama yodulidwayo yapita. Ya adivansi imakhala m'manja mwa kampani, kubweza kwake n'kosavuta. Koma cholakwika chikakhala pa msonkho, dziwani kuti olemba ntchito amayenera kutumiza PAYE ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Kalata ikafika tsikuli lisanakwane, akhoza kukonza asanatumize. Ikafika pambuyo pake, ndalama yatuluka kale ndipo kukonza kwake kumatenga nthawi. Chimodzimodzinso zopita ku SACCO kapena ku kampani yobwereketsa ndalama: zikatumizidwa, ofesi ya malipiro ingakuuzeni kuti mukatenge sitetimenti kumeneko yoonetsa kuti ngongole inatha, ndiye ndi bwino kuitengeratu n'kuiphatikiza pa kalata yoyamba.

Cholakwika chikakhala pa msonkho weniweniwo, kalata imakhala yomweyi, kungoti masamu a magawo aja ndiwo amakhala mtima wake. Nthawi yoyenera kusamala kwambiri ndi mwezi umene magawo asintha. Mu Epulo 2024, gawo losadulidwa msonkho linakwera kuchoka pa K100,000 kufika pa K150,000. Ofesi imene inachedwa kusintha manambala mu kompyuta yake ikanadula anthu mopitirira, ndipo chizindikiro chake n'chosavuta kuona: malipiro sanasinthe, magawo asintha, koma PAYE ya pa pepala ndi yofanana ndi ya mwezi wathawo. Zikatero vuto silikhala lanu nokha, ndipo kalata imodzi yokhala ndi masamu olondola imathandiza onse a pa kampanipo.

Popereka kalatayo, tengani makope awiri. Wolandirayo asaine ndi kulemba deti pa kope yanu, kapena adindepo chidindo cha ofesi. Mapepala enieni, makamaka fomu ya adivansi, musawasiye kumeneko, perekani makope okha. Ngati mwatumiza pa imelo, ikani a ku ofesi yoona za antchito kuti alandire nawo. Mukalankhulana pakamwa n'kukulonjezani kuti akonza, tumizani kauthenga kachidule kobwereza zimene mwagwirizana ndi deti lake.

Deti lija likadutsa popanda yankho, lembani kachiwiri, nthawi ino kwa mkulu wa zachuma kapena woona za antchito, mutaphatikiza kalata yoyamba yokhala ndi chidindo chija. Ngati muli m'bungwe la apantchito, woimira bungwe pa malo anu antchito angapite nanu. Zikakanika m'kati mwa kampani, dandaulo limapita ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, kumene ofisala amaitana mbali zonse ziwiri kuti zikambirane, ndipo zikalephereka kumeneko nkhani ingathe kupita ku khothi la milandu ya zantchito. Konseko adzakufunsani zinthu zomwezi: mapeyisilipi, pepala limene munasaina, masamu anu, ndi umboni woti munayamba mwadandaula kwa olemba ntchito m'kalata.